Chindapusa chimene chimathandiza masamu kulosera bwino

Mu 1989, dokotala wa ku Yunivesite ya Stanford ku America, Thomas Stamey, pamodzi ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayeza abambo 97 odwala khansa ya pulositeti, kachiwalo ka amuna kamene kamakhala pansi pa chikhodzodzo. Onsewa ankayembekezera opaleshoni yochotsa kachiwaloko. Pa munthu aliyense panalembedwa kuchuluka kwa PSA, puloteni imene madokotala amayeza m'magazi pofufuza nthendayi, komanso zinthu zina 8 monga kukula kwa chotupa, kulemera kwa pulositeti, zaka za wodwalayo, mmene khansa yabowolera chikuto cha kachiwaloko, ndiponso ngati yafika ku timatumba tosunga madzi a umuna. Manambala a abambo amenewa akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri pophunzitsa funso limene limavutitsa aliyense wofuna kulosera chinthu chimodzi kuchokera ku zinthu zambiri: kodi chilichonse mwa zinthuzi tichikhulupirire pamlingo wanji?

Zinthu 8 zija tizitchule kuti zolozera, popeza ndi zimene zikutilozera ku yankho. Njira yakale yolosera ndi yosavuta kuifotokoza. Cholozera chilichonse chimapatsidwa nambala yake yochulukitsira, imene tingati ndi mphamvu yake. Mumatenga kukula kwa chotupa n'kuchulukitsa ndi mphamvu yake, mumatenga zaka n'kuchulukitsa ndi mphamvu yake, mpaka zolozera zonse zithe, kenako n'kuphatikiza. Zimene mwapezazo ndiwo ulosi wa PSA ya munthuyo. Mphamvu zimenezi sizisankhidwa mwachisawawa. Pa wodwala aliyense mumaona kusiyana kwa ulosi ndi zoona zake, kusiyanako mumakuchulukitsa ndi iko komwe, kumene kusukulu timati kupeza sikweya, ndipo mumaphatikiza masikweya a odwala onse. Mphamvu zimene zichepetsa kwambiri chiwerengero chimenechi ndizo zimatengedwa. Katswiri wa masamu wa ku France, Adrien-Marie Legendre, anaifalitsa njirayi mu 1805, ndipo imagwira ntchito bwino mpaka lero ngati anthu oyezedwa ali ambiri pamene zolozera zili zochepa.

Vuto limayamba zolozera zikachuluka kapena zikamafanana. Trevor Hastie, Robert Tibshirani ndi Jerome Friedman, m'buku lawo lotchedwa The Elements of Statistical Learning, anagawa abambo 97 aja pawiri: 67 opezera mphamvu za zolozera, ndipo 30 anawasunga padera kuti adzayeserepo ulosi pamapeto. Atagwiritsa ntchito njira yakale pa anthu 67 aja, kukula kwa chotupa kunapeza mphamvu yoposa zonse, pafupifupi 0.68, zomwe sizingadabwitse dokotala aliyense. Koma cholozera chonena za mmene khansa yabowolera chikuto chinapeza mphamvu ya pafupifupi -0.29. Wowerenga nambalayi mosaganizira anganene kuti khansa ikamafalikira kunja kwa kachiwaloko, PSA imatsika. Chonsecho mukayang'ana cholozerachi pachokha, chimakwera limodzi ndi PSA.

Chinachitika n'chakuti cholozerachi chimayendera limodzi ndi zinzake. Munthu wa chotupa chachikulu nthawi zambiri ndi yemweyo amene khansa yabowola chikuto, ndiponso yemweyo amene yafika ku timatumba tija. Masamu akapatsidwa zolozera ziwiri zonena pafupifupi chinthu chimodzi, savutika kupereka mphamvu yaikulu kwa chimodzi n'kubweza ndi mphamvu yochotsera pa chinzake. Tiyerekeze kuti zolozera ziwiri n'zofanana ndendende, ndipo mphamvu yoyenera ya zonse pamodzi ndi 1. Mutapereka 0.5 kwa chilichonse, ulosi ukhala womwewo ndi wopereka 3 kwa choyamba ndi -2 kwa chachiwiri. Ngakhale 50 ndi -49 zingapereke yankho lomwelo. Pa anthu enieni zolozera sizifanana ndendende, choncho chimene chimasankha pakati pa manambala amenewa ndi tizinthu tating'ono tongochitika mwangozi pa anthu amene mwayezawo. Mukayeza gulu lina, mphamvu zimasintha kwambiri, nthawi zina yophatikiza n'kusanduka yochotsera.

Zolozera zikachuluka kufika pa chiwerengero cha anthu, zinthu zimaipiratu. Ndi odwala 67 ndi zolozera 67, njira yakale imatha kupeza mphamvu zolosera wodwala aliyense popanda cholakwika ngakhale pang'ono, ngakhale zolozerazo zitakhala manambala opanda tanthauzo. Ulosi wotere ukafika pa wodwala watsopano sugwira kanthu. Masiku ano vuto limeneli si lachilendo: ofufuza za majini amayeza majini masauzande pa odwala mazana ochepa okha.

Arthur Hoerl ndi Robert Kennard, amene anagwirapo ntchito ku kampani yopanga makemikolo ya DuPont ku America, anafalitsa yankho lawo mu 1970 m'magazini ya akatswiri ya Technometrics. Njira yawo imatchedwa riji. Iwo anati masamu apitirize kuchepetsa zolakwika za ulosi monga kale, koma azilipira chindapusa pa mphamvu iliyonse imene apereka, ndipo chindapusacho chikhale sikweya ya mphamvuyo. Tibwerere ku zolozera ziwiri zofanana zija. Kupereka 3 ndi -2 kumabweretsa chindapusa cha 9 kuphatikiza 4, chomwe ndi 13. Kupereka 0.5 ndi 0.5 kumabweretsa 0.25 kuphatikiza 0.25, chomwe ndi 0.5 basi. Popeza ulosi ndi umodzimodzi, riji amasankha njira yotchipa: amagawa mphamvu mofanana pakati pa zolozera zofanana, ndipo manambala aakulu otsutsana aja amatha. Pa abambo 67 aja, riji anatsitsa mphamvu ya kukula kwa chotupa kuchoka pa 0.68 kufika pa 0.42, ndipo -0.29 yodabwitsa ija inafika pafupifupi pa ziro.

Apa mpofunika kunena chilungamo: riji amalakwitsa dala. Amakokera mphamvu zonse kufupi ndi ziro, ngakhale za zolozera zenizeni, moti pa anthu amene anagwiritsidwa ntchito popeza mphamvuzo, ulosi wake sungapose wa njira yakale. Chimene timapindula n'chakuti mphamvu zimakhazikika, sizilumphalumpha tikasintha gulu la anthu oyezedwa. Timalola kuphonya pang'ono nthawi zonse kuti tipewe kuphonya kwambiri nthawi zina. Hoerl ndi Kennard anatsimikizira ndi masamu kuti nthawi zonse pamakhala mlingo wina wa chindapusa umene umapereka mphamvu zoyandikira zoona kuposa za njira yakale, tikawerengera magulu ambiri oyezedwa. Chimene chimavuta n'kudziwa kuti mlingowo uli pati.

Riji satayanso cholozera chilichonse. Mukamupatsa zolozera 5,000, akubwezerani mphamvu 5,000, zambiri zili zazing'ono kwambiri koma osafika pa ziro weniweni. Dokotala wofuna kudziwa zinthu zitatu kapena zinayi zoti aziyeza sathandizika nazo. Mu 1996 Robert Tibshirani, ali ku Yunivesite ya Toronto ku Canada, anafalitsa njira yotchedwa laso, ndipo chimodzi mwa zitsanzo zake chinali abambo 97 omwewa. Anangosintha chinthu chimodzi: chindapusa chikhale kukula kwa mphamvu momwe kulili, popanda sikweya, ndiponso osasamala kuti ndi yophatikiza kapena yochotsera. Polemba, njira ziwirizi zimaoneka chonchi, pamene RSS ndi masikweya a zolakwika aja ataphatikizidwa, β ndi mphamvu za zolozera, ndipo λ, imene timaitchula kuti lamuda, ndi nambala yonena kukula kwa chindapusa:

```
ridge:  RSS + λ Σ β²
lasso:  RSS + λ Σ |β|
```

Kusintha kochepaku kuli ndi zotsatira zazikulu, ndipo chifukwa chake chimamveka ndi masamu a kupulayimale. Taganizani mphamvu ziwiri, 0.8 ndi 0.1. Pa riji, kutsitsa 0.8 kufika pa 0.7 kumachepetsa chindapusa kuchoka pa 0.64 kufika pa 0.49, ndiye kuti mwapulumutsa 0.15. Koma kutsitsa 0.1 kufika pa ziro kumapulumutsa 0.01 yokha. Mphamvu ikamachepa, riji saonanso phindu loitsitsira, choncho amaisiya ili yaing'ono. Pa laso, kutsitsa kulikonse kwa 0.1 kumapulumutsa 0.1, kaya mphamvuyo ndi yaikulu kapena yaing'ono. Cholozera chimene sichikuthandiza ulosi mokwanira kulipira chindapusa chake chimakankhidwa mpaka pa ziro n'kutuluka. Zolozera zikakhala zosagwirizana konse, kusiyanaku kumaoneka poyera: riji amagawa mphamvu zonse ndi nambala imodzi, monga kutenga theka kuti 0.8 ikhale 0.4 ndipo 0.1 ikhale 0.05, pamene laso amachotsera nambala imodzi pa zonse, monga 0.2, kuti 0.8 ikhale 0.6 ndipo 0.1 itheretu.

Pa abambo aja, laso anasunga kukula kwa chotupa ndi mphamvu ya 0.53, kulemera kwa pulositeti ndi 0.17, ndi kufika kwa khansa ku timatumba ndi 0.09. Cholozera chachinayi chinatsala ndi kamphamvu kosawerengeka n'komwe, ndipo zinayi zotsalazo, kuphatikizapo zaka ndi kubowola chikuto kuja, zinatuluka.

Zonsezi zikudalira lamuda. Ikakhala ziro, palibe chindapusa ndipo mwabwerera ku njira yakale. Ikakula mopitirira, mphamvu zonse zimafa ndipo wodwala aliyense amaloseredwa PSA imodzimodzi, yapakatikati pa onse. Yoyenera ili penapake pakati. Simungaisankhe poona zolakwika za anthu omwewo amene mwapezera mphamvu, chifukwa pa iwowo yankho ndi lodziwikiratu: ziro amapambana nthawi zonse. Zili ngati mphunzitsi woyesa ophunzira mafunso omwewo amene anawapatsa mayankho ake dzulo. Woloweza amakhoza zonse, koma mayeso a MSCE akadzabwera ndi mafunso atsopano, m'pamene zimadziwika kuti ndani anamvetsa.

Njira imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito ndi yoyesa mosinthanasinthana magulu, imene Mervyn Stone ndi Seymour Geisser, aliyense payekha, anaifotokoza mwadongosolo mu 1974 ndi 1975. Anthu 67 aja mumawagawa mwamaere m'magulu 10, lililonse la anthu 6 kapena 7. Mumasankha lamuda imodzi yoti muiyese. Gulu loyamba mumaliika pambali, n'kupeza mphamvu za zolozera pogwiritsa ntchito magulu 9 otsalawo, kenako n'kulosera PSA ya anthu a gulu lobisidwa lija ndi kulemba mmene mwaphonyera. Mukatero mumalibwezera, n'kubisa lachiwiri, n'kuyambiranso. Magulu onse 10 akatha, munthu aliyense amakhala ataloseredwa kamodzi ndi masamu amene sanamuonepo, ndipo avereji ya zolakwika zonsezo ndiwo malikisi a lamuda imeneyo. Ntchito yonseyi mumaibwereza pa malamuda ambiri, kuyambira yaikulu mpaka yaing'ono.

Mukajambula zotsatirazo, nthawi zambiri pamatuluka mzere wotsika kenako n'kukweranso. Mbali ya lamuda yaikulu zolakwika ndi zambiri chifukwa masamu amangika kwambiri, sakutha kugwiritsa ntchito ngakhale zolozera zenizeni. Mbali ya lamuda yaing'ono zolakwika zimakweranso chifukwa masamu ayamba kutsatira zangozi. Pansi penipeni pa mzerewo ndi pamene pali lamuda yolosera bwino. Mukaipeza, mumabwerera kwa anthu onse 67 n'kupeza mphamvu komaliza pogwiritsa ntchito lamuda imeneyo. Pa kompyuta, pulogalamu yaulere ya `glmnet` ya mu R, yolembedwa ndi Friedman, Hastie, Tibshirani ndi anzawo, imachita zonsezi m'mizere yochepa, ndipo payokha imayesa malamuda ofika 100:

```r
library(glmnet)
cv <- cv.glmnet(x, y, alpha = 1, nfolds = 10)
plot(cv)
coef(cv, s = "lambda.1se")
```

Apa `x` ndi zolozera, `y` ndi chinthu choloseredwa, `alpha = 1` ndi laso, ndipo `alpha = 0` akanakhala riji. Mzere womalizawo uli ndi nkhani yake. Pansi pa chithunzi chija nthawi zambiri pamakhala pafulati, moti malamuda angapo oyandikana amaphonya mofanana, ndipo magulu 10 aja sagwirizana ndendende pa kukula kwa zolakwika. Mutagawanso anthu mwamaere kachiwiri, lamuda yopambana ikhoza kusuntha. N'chifukwa chake pulogalamuyi imapereka mayankho awiri. `lambda.min` ndi ya pansi penipeni. `lambda.1se` ndi lamuda yaikulu koposa imene zolakwika zake sizinatalikire zapansizo kuposa mlingo umodzi wa kusatsimikizika, mlingo umene umawerengedwa kuchokera ku kusiyana kwa magulu 10 aja. Yachiwiriyi imapereka masamu a zolozera zochepa, ndipo ndi imene Hastie ndi anzake anatsatira pa abambo aja. Ine ndimaona kuti ngati cholinga ndi ulosi wokha, `lambda.min` ilibe vuto, koma ngati mukufuna kuuza anthu zolozera zoti aziyeza, yachiwiriyo ndi yanzeru chifukwa siilola zolozera zokayikitsa kulowa mosavuta.

Nanga anthu 30 osungidwa padera aja? Pa iwo, avereji ya masikweya a zolakwika inali 0.521 pa njira yakale, 0.492 pa riji, ndi 0.479 pa laso. Laso anapambana, koma tisakokomeze. Kusatsimikizika kwa manambala amenewa kuli pakati pa 0.16 ndi 0.18, kutanthauza kuti kusiyana kwawoko n'kochepa poyerekeza ndi zimene anthu 30 angathe kutsimikizira. Phindu looneka n'lakuti laso anachita bwino chimodzimodzi ndi theka la zolozera. Ndi zolozera 8 pa anthu 67, njira yakale sinali pamavuto aakulu kwenikweni. Kusiyana kumakula zolozera zikafika mazana kapena masauzande. Mu 2016, Neal Jean, Marshall Burke ndi anzawo a ku Stanford anafalitsa m'magazini ya Science kafukufuku wolosera umphawi kuchokera ku zithunzi za setilaiti m'maiko asanu a mu Africa, limodzi mwa iwo lili Malawi. Kompyuta inkatulutsa manambala masauzande pa chithunzi chilichonse, pamene madera amene anali ndi kafukufuku wa m'makomo anali mazana okha, ndipo chida chimene anagwiritsa ntchito polumikiza ziwirizi chinali riji, chindapusa chake atachisankha poyesa mosinthanasinthana magulu.

Pali misampha ingapo imene imakola ngakhale anthu ophunzira bwino. Wosavuta kuupewa ndi wa miyezo. Chindapusa chimaona kukula kwa nambala basi, sichidziwa kuti nambalayo ikuimira chiyani. Kulemera kukalembedwa m'magalamu, mphamvu yake imakhala yaing'ono ndipo silipira kanthu, koma kukalembedwa m'makilogalamu mphamvu yomweyo imakula ka 1,000 n'kulangidwa koopsa. Choncho zolozera zonse ziyenera kuyamba zaikidwa pa muyezo umodzi. `glmnet` imachita zimenezi yokha, koma si mapulogalamu onse amene amatero, ndipo munthu ayenera kufufuza.

Msampha woopsa ndi wosuzumira gulu lobisidwa mosadziwa. Munthu ali ndi zolozera masauzande, ndiye amayamba wasankha 100 zimene zikugwirizana kwambiri ndi yankho pa anthu onse, kenako m'pamene amagawa magulu n'kuyesa. Zikuoneka zaukhondo, koma gulu lobisidwa lija linathandiza kale kusankha zolozerazo, choncho silinabisike. Buku lomwe lija lili ndi chitsanzo chochititsa mantha. Olembawo anapanga manambala a anthu 50 ndi zolozera 5,000 zopanda mgwirizano uliwonse ndi yankho, moti kulosera kulikonse kunayenera kuphonya theka la nthawi. Atasankha 100 poyamba n'kuyesa pambuyo pake, mayeso ananena kuti kuphonya kuli pa 3 peresenti yokha. Lamulo lake n'lakuti chilichonse chimene chimayang'ana yankho chizichitika mwatsopano mkati mwa magulu 9 aja nthawi iliyonse. Chizindikiro cha vutoli ndi zotsatira zabwino mopitirira muyezo, zimene zimasowa mukangobweretsa anthu atsopano.

Kusuzumira kwina kumabwera ndi kagawidwe ka magulu. Ngati wodwala mmodzi anayezedwa kanayi, miyezo yake yonse ikhale m'gulu limodzi. Ngati mwayeza minda ingapo m'mudzi umodzi, imene imalandira mvula imodzi pa nthaka yofanana, mudzi wonse ubisidwe pamodzi, apo ayi mukuyesa luso lolosera munda woyandikana ndi umene mukuudziwa kale. Ngati mukulosera za chaka chamawa, gulu loyesera likhale la zaka zapambuyo pa zimene mwaphunzirira. Komanso malikisi a lamuda yopambana asatengedwe ngati umboni womaliza wa ubwino wa ulosi, popeza inapambana pakati pa zinzake 100 pa mayeso omwewo ndipo mwayi unathandizako. Ndicho chifukwa chake anthu 30 aja sanakhudzidwe mpaka kumapeto.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mmene anthu amawerengera zimene laso wataya. N'zokopa kunena kuti popeza laso wapereka ziro ku kubowola chikuto, ndiye kuti kulibe ntchito pa nthendayi. Sizili choncho. Tibwererenso ku zolozera ziwiri zofanana zija. Kupereka 0.5 ndi 0.5, kapena kupereka 1 ndi 0, kwa riji n'zosiyana: chindapusa ndi 0.5 pa choyamba, ndi 1 pa chachiwiri, choncho amagawa mofanana. Kwa laso zonse ziwiri zimabweretsa chindapusa cha 1, ndipo alibe chifukwa chokondera njira iliyonse. Nthawi zambiri amangotenga chimodzi n'kutaya chinzake, ndipo chosankhidwacho chikhoza kusintha mutachotsa anthu ochepa okha. Ziro wa laso amangonena kuti, pokhala ndi zolozera zimene zatsalazo, ichi sichikuwonjezera zokwanira pa ulosi wa gulu lino. Sanena kuti chotsalacho ndicho chimayambitsa matenda, kapena kuti chotayidwacho n'chosalakwa. Njira yodziwira ndi kubwereza ntchito yonse kambirimbiri, nthawi iliyonse ndi gawo lina la anthu, n'kuona zolozera zimene zikusankhidwa pafupifupi nthawi zonse. Zimene zikulowa ndi kutuluka sizoyenera kuzimangira chiganizo cha chipatala kapena cha boma.

Laso alinso ndi malire ena: zolozera zikaposa anthu, sangasunge zolozera zochuluka kuposa chiwerengero cha anthuwo. Hui Zou ndi Trevor Hastie anafalitsa mu 2005 njira yosakaniza zindapusa ziwirizi, imene imatayabe zolozera zopanda ntchito koma imakonda kusunga kapena kutaya zofanana pamodzi. Mu `glmnet` imapezeka poika `alpha` pakati pa 0 ndi 1, monga 0.5.

Posankha pakati pa riji ndi laso, chofunika ndi mmene nkhani yanu ilili. Ngati mukuganiza kuti zolozera zambiri zikuthandiza pang'onopang'ono ndipo zimafanana, monga manambala a zithunzi za setilaiti aja, riji nthawi zambiri amalosera bwino. Ngati mukuganiza kuti pakati pa zolozera zambirizo pali zochepa zokha zamphamvu, kapena kuyeza chilichonse kumadya ndalama ndipo mukufuna kuchepetsa, laso ndiye woyenera. Mukhoza kuyesa zonse ziwiri, bola mugwiritse ntchito magulu omwewo pa njira iliyonse, zimene mu `glmnet` zimatheka ndi `foldid`, kuti kusiyana kumene mwaona kusakhale kwa maere ogawira anthu.